Nambala ya pa Chitseko cha Bolodi: Kuyeza Moto wa Magetsi Usanabuke

Aliyense amene anadutsapo pa owotcherera zitsulo ku Ndirande kapena kwa Mchesi amakudziwa kuwala kobiriwira kuja kumene kumam'chititsa munthu kutembenuzira nkhope kumbali. Kuwalako ndi magetsi akudumpha mumpweya kuchoka pa kandodo kupita pa chitsulo, ndipo makina a mmisiriyo amangotulutsa maampu 100 kapena 150. Moto wa mtundu womwewo ukhoza kubuka m'kati mwa bolodi yaikulu yogawa magetsi pa fakitale, pa chipatala kapena pa hotela, koma kumeneko umabwera ndi maampu masauzande ambiri, ndipo palibe amene waugwira m'manja kuti auzimitse. Amisiri a magetsi amautcha aki fulashi.

Choyambitsa chake chimakhala chaching'ono. Sipanala yapulumuka m'manja n'kugwera pa mabasibala, mipiringidzo yamkuwa imene imanyamula magetsi m'bolodimo. Khoswe kapena buluzi walowa n'kugunda mbali ziwiri nthawi imodzi. Fumbi launjikana, kenako chinyontho cha m'dzinja chalinyowetsa. Mpweya umene unali pakati pa mipiringidzoyo umasanduka njira ya magetsi, ndipo pakatikati pa motowo kutentha kumatha kufika madigiri pafupifupi 19,000, pamene pamwamba pa dzuwa pamatentha madigiri 5,500. Mkuwa umasungunuka, wina n'kusanduka nthunzi imene imafutukuka ka 67,000, chitseko n'kukankhidwa, zidutswa zamoto n'kuwazikira pankhope ndi pachifuwa pa amene waima patsogolo. Munthuyo sakufunika kukhudza waya aliyense kuti apse.

Injiniya wa ku America dzina lake Ralph Lee ndiye analemba mu 1982 nkhani imene inatsegula maso a anzake kuti ngozi ya magetsi si kugwidwa ndi shoko kokha. Kuchokera pamenepo kunabwera mabuku awiri amene ntchito imeneyi imatsamirapo mpaka lero. Loyamba ndi IEEE 1584, limene linatuluka mu 2002 n'kukonzedwanso mu 2018 atayatsa dala moto wotere maulendo oposa 1,800 m'malo oyesera. Ilo limapereka masamu owerengera kutentha pa magetsi a mavoloti 208 mpaka 15,000. Lachiwiri ndi NFPA 70E, limene limanena zoyenera kulembedwa pa chomata cha pa chitseko ndi zovala zoyenera. Onse ndi a ku America, koma makampani a m'maiko ambiri amawabwereka, chifukwa mkuwa umasungunuka chimodzimodzi kulikonse.

Zonse zimathera pa nambala imodzi: kuchuluka kwa kutentha kumene kungagwere pa sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi ya khungu la munthu ataima pa mtunda wogwirira ntchito. Amakuyeza m'makalori, ndipo amalemba cal/cm². Kalori imodzi ikufanana pang'ono ndi kuika chala pansonga ya lawi la laita kwa sekondi imodzi. Pa makalori 1.2 khungu limayamba kuchita matuza, ndipo nambala imeneyi ndiyo malire amene masamu onse amayang'ana.

Kuti zimveke, tiyerekeze fakitale yogaya chimanga imene imalandira magetsi a mavoloti 11,000 kuchokera pa mzere wa ESCOM, ili ndi thiransifoma yakeyake ya 1000 kVA yotsitsira magetsi pa mavoloti 400, ndipo bolodi yake yaikulu ili ndi buleka ya maampu 1,600. Fakitaleyi ndi yongoyerekeza, koma manambala ake awerengedwa ndi masamu a IEEE 1584 a 2018.

Injiniya sayamba ndi kompyuta. Amayamba ndi tochi, tepi yoyezera ndi kope. Amawerenga kachitsulo kolembedwa pa thiransifoma, makamaka nambala ya impidansi, imene imasonyeza mmene thiransifomayo imaletsera magetsi kusefukira pakachitika shoti. Apa yalembedwa 5%. Amayeza utali ndi kunenepa kwa makebulo. Amalembera kampani yogawa magetsi kufunsa mphamvu ya shoti pa mzere wake pamalo olumikizirapo. Tsiku lozimitsa, bolodi itatsimikizidwa kuti ilibe moyo, amayeza mpata wa pakati pa mabasibala, kukula kwa chipinda chilichonse cha m'bolodi, ndi kumene mipiringidzo yaloza. Chomalizachi chinalowa m'masamu mu 2018, atapeza kuti mipiringidzo yoloza kuchitseko imalavulira motowo molunjika pa munthu, pamene yoloza pansi imauyendetsa motsika. Kenako amagwada patsogolo pa buleka yaikulu, n'kutsegula kagalasi kophimba timabatani tozungulira, n'kukopera pamene kalikonse kaloza. Mwa zonse zimene alembe tsiku limenelo, timabatani timeneti ndito tidzalamule nambala ya pa chitseko. Injiniya amene wangotenga manambalawa pa pulani yakale ya muofesi, osapita kukaona ndi maso ake, wawerengera bolodi imene mwina kulibenso.

Masamu oyamba ndi osavuta. Thiransifoma ya 1000 kVA pa mavoloti 400 imanyamula 1000 ÷ (1.732 × 0.4), amene ndi maampu 1,443. Kugawa nambalayi ndi 0.05, impidansi ija, kumapereka maampu pafupifupi 28,900. Akachotsapo zimene mzere wa 11,000 ndi makebulo amabweza, tinene kuti pa mabasibala patsala 27,000. Imeneyi ndi shoti ya chitsulo ndi chitsulo, ngati munthu wamangirira mipiringidzo itatu pamodzi ndi mabawuti. Koma moto wa mumpweya sukoka maampu onsewo, chifukwa mpweya woyakawo umawakanizako. Pa mpata wa mamilimita 32, m'chipinda cha masentimita 61 mulitali ndi mulifupi, mipiringidzo italoza pansi, masamu akupereka maampu pafupifupi 17,900.

Ndi moto umenewu, munthu woima pa masentimita 61 kuchokera pamene wabukira, mtunda umene bukuli limagwiritsa ntchito pa mabolodi aakulu otere, amalandira makalori pafupifupi 27 pa sekondi iliyonse imene motowo ukuyaka. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kukula kwa thiransifoma kunasankhidwa kale, mpata wa mabasibala anauika kale opanga bolodi, ndipo mkono wa munthu sutalika. Chimene chatsala m'manja mwa anthu a pa fakitale ndi nthawi: motowo uyaka masekondi angati buleka isanagwe.

Buleka yaikulu sinapangidwe kuti izigwa msanga nthawi zonse. Ikanatero, shoti ya pa injini imodzi ya chigayo ikanazimitsa fakitale yonse. Choncho amaitchera kuti idikire kaye, kupereka mpata kwa buleka yaing'ono ya kutsogolo kuti igwe yokha. Pa mabuleka ambiri pali kabatani kolembedwa `Isd`, konena maampu amene buleka iyenera kuona kuti idziwe kuti iyi ndi shoti, ndi kena kolembedwa `tsd`, konena nthawi yodikira. Pa fakitale yathuyi, tinene kuti `Isd` yaloza pa 10, kutanthauza 10 × 1,600, maampu 16,000, ndipo `tsd` ili pa masekondi 0.4. Moto wa maampu 17,900 wapitirira 16,000, buleka yauzindikira, yadikira masekondi 0.4, yagwa. Makalori 27 kuchulukitsa ndi 0.4 ndi makalori pafupifupi 11. Ndi ambiri, oposa malire a matuza aja kasanu ndi kanayi, koma zovala zoteteza zimene munthu angavale n'kugwira nazo ntchito zilipo.

Injiniya waulesi amaima pomwepo n'kusindikiza chomata. IEEE 1584 simulola. Moto wa mumpweya sukhazikika, umatalika n'kufupika, ndipo maampu ake amatha kutsika. Bukuli limalamula kuwerengeranso kachiwiri ndi maampu otsika, amene pa mavoloti 400 amachepa ndi pafupifupi 13 pa 100 alionse. Pa bolodi yathu zikupereka 15,600. Nambala imeneyi ili pansi pa 16,000. Buleka siuonanso motowo ngati shoti, imauyesa katundu wolemera chabe, ngati zigayo zonse zayatsidwa limodzi, ndipo imayamba kuwerenga masekondi angapo mwaulemu wake. Pa malo otere IEEE 1584 imalola kuimitsa masamu pa masekondi awiri, poganiza kuti munthu amene angathe kuthawa adzakhala atathawa kapena kukankhidwira kutali. Moto wofookerapowu umapereka makalori pafupifupi 24 pa sekondi, ndiye m'masekondi awiri ndi makalori 48. Moto wochepa maampu wabweretsa kutentha koposa kanayi. Ndipo lamulo la masekondi awirili silikhudza munthu amene walowetsa mutu ndi mapewa m'bolodi, kapena amene kumbuyo kwake kuli khoma. Ameneyo alibe kothawira, ndipo injiniya woona mtima sangamudulire nthawi.

Zimenezi zimasemphana ndi mmene ambiri amaganizira. Mwini fakitale akamva kuti mzere wa kwawo ndi wofooka, magetsi amafika otopa, amayesa kuti ngozi yachepa. Nthawi zambiri imakhala yakula, chifukwa chitetezo chimene chinatcheredwa kudikira shoti yamphamvu sichidzidzimuka ndi yofooka.

Mankhwala ake pa chitsanzo ichi safuna kugula chilichonse. Kutsitsa `Isd` kuchoka pa 10 kufika pa 6, maampu 9,600, kumachititsa kuti moto wa 17,900 ndi wa 15,600 womwe uzindikirike, ndipo nambala imabwerera pa makalori 11. Koma si ntchito yongopotokola kabatani. Injiniya amayenera kuyala mizere yosonyeza nthawi yogwera ya mabuleka onse pa pepala limodzi, kuti aone ngati buleka yaikulu siyamba kugwa injini yaikulu ikamayatsidwa, kapena kulanda ntchito ya mabuleka a kutsogolo. Apa ndi pamene pamachokera mavuto ambiri a m'mafakitale: buleka ikagwagwa usiku, wa pa shifiti amene akufunsidwa za matumba a ufa amakweza kabataniko kuti ntchito ipitirire, osalemba paliponse. Zigayo zimayendadi, koma chomata cha pa chitseko chasanduka bodza kuyambira usiku umenewo.

Pali njira ina yotsitsira nambalayi kwambiri. Mabuleka ambiri amakono ali ndi swichi ya nthawi yokonza zinthu, imene ikatembenuzidwa buleka imasiya kudikira n'kugwa m'masekondi pafupifupi 0.05. Pa bolodi yathu makalori amatsika kufika pa 1.4. Mmisiri amaiyatsa asanatsegule chitseko, n'kuibwezera akamaliza. Njira zina ndi kuika timaso toona kuwala m'kati mwa bolodi, timene timagwetsa buleka tikangoona kung'anima, kapena kulumikiza mabuleka ndi waya wouzirana, kuti yaikulu isadikire ngati yaing'ono sinaone shotiyo.

Kwa ife kuno, kumene kuzimazima kwa magetsi kwachititsa kuti mafakitale ambiri akhale ndi jenereta, pali masamu ena osayenera kudumphidwa. Jenereta ya 500 kVA imanyamula maampu 722, ndipo pa shoti imatha kutulutsa mwina 4,800 poyamba, kenako n'kutsika mofulumira. Moto wa mumpweya pamenepo umakoka maampu pafupifupi 3,100. Ngati swichi yokonzera ija inatcheredwa pa 2 × 1,600, maampu 3,200, siuona motowo. Buleka ya jeneretayo ikachedwanso, masekondi awiri akhoza kupereka makalori okwana 8. Mmisiri amene watembenuza swichi, nyale yake yayaka, ndipo akuyesa kuti ali pa 1.4, sakudziwa kuti chitetezo chake chinatha pamene magetsi a ESCOM anazima. N'chifukwa chake kafukufuku wabwino amawerengera njira iliyonse imene bolodi ingadyetsedwere: mzere wokha, jenereta yokha, mathiransifoma awiri limodzi ngati alipo, injini zikuyenda ndiponso zitaima. Choipitsitsa mwa zonsezi ndicho chimapita pa chitseko.

Malo oopsa koposa m'bolodi yaikulu ndi kumene makebulo ochokera ku thiransifoma amafikira, kuseri kwa buleka yaikulu. Moto ukabuka pamenepo, bulekayo ilibe chochita, chifukwa motowo uli kumtunda kwake. Ngakhale itagwa, magetsi akubwerabe. Amene angauzimitse ndi fyuzi kapena rile ya ku mbali ya mavoloti 11,000, ndipo kumeneko maampu 17,900 aja amaoneka ngati 650 okha. Nthawi imene chitetezo chimenecho chitenge iyenera kuwerengedwa pa mzere wake, ndipo sekondi iliyonse ndi makalori 27 aja. Ikafika masekondi awiri, nambala ndi 54. Funso lotsatira ndi lofuna kulipenya ndi maso: kodi chipinda chofikira makebulo chatchingidwa ndi chitsulo kuchoka ku mabasibala? Ngati sichinatchingidwe, moto woyambira kutsogolo kwa buleka ukhoza kulumphira kuseri kwake, ndipo injiniya wosamala amapereka nambala yaikuluyo kwa bolodi yonse. Ngati chatchingidwa bwino, bolodi imodzi imakhala ndi zomata ziwiri zosiyana, china pa chipinda cholowera magetsi, china pa zipinda zotulukira.

Tsopano chomata chenichenicho. NFPA 70E imafuna kuti chikhale ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi mavoloti, apa 400. Chachiwiri ndi malire a moto, mtunda umene kutentha kumatsika kufika pa 1.2, pa makalori 11 malirewo ali pa mamita pafupifupi 2.4, ndipo pa 54 amapitirira mamita 6, kutanthauza kuti m'zipinda zambiri za magetsi ngakhale woima pakhomo ali m'kati. Chachitatu ndi chouza munthu chovala: makalori pamodzi ndi mtunda umene anawerengera, kapena mlingo wochepetsetsa wa zovala, kapena gulu la zovala. Magulu a m'bukuli ndi anayi, a makalori 4, 8, 25 ndi 40, koma amachokera m'matebulo opangira amene sanachite masamu, ndipo bukuli limaletsa kulemba gulu lotere pamodzi ndi makalori owerengedwa pa chomata chimodzi. Kusakaniza ziwirizi ndi cholakwa chofala.

Mtunda uja suyenera kusiyidwa. Makalori 11 ndi a pankhope ndi pachifuwa pa masentimita 61. Manja amene alowa m'bolodi amalandira oposa pamenepo, chifukwa kutentha kumakwera msanga munthu akamayandikira.

Makampani ambiri amagwiritsa ntchito chomata cha mutu wa olenji pa manambala amene munthu angavalire zovala, ndipo chofiira pa oposa makalori 40, pamene amangoletseratu kugwira ntchito magetsi ali moyo. Amaonjezanso dzina la bolodi, dzina la buleka kapena fyuzi imene masamu atsamirapo, ndi deti la kafukufuku. Za swichi yokonzera, njira yanzeru ndi kulemba pa chitseko nambala yaikulu, ya pamene swichi sinayatsidwe, ndipo yaing'onoyo kuisiya m'chikalata chololeza ntchito. Munthu wotopa akaona manambala awiri, maso ake amathamangira pa yaing'ono. Ndipo pa fakitale imene othandiza amisiri ndi osesa amawerenga Chichewa bwino kuposa Chingelezi, palibe choletsa kuti mawu ochenjeza alembedwe m'zilankhulo zonse ziwiri, manambala n'kukhala omwewo.

Pa makalori 11, mmisiri amafunika ovolosi kapena malaya ndi thalauza zoyesedwa pa moto wotere, za mlingo wosachepera nambala ya pa chitseko, chotchinga nkhope pamodzi ndi chipewa chansalu chophimba mutu ndi khosi, chisoti, magalasi, zotseka m'makutu, magolovesi ndi nsapato zachikopa. Kupitirira makalori 12 pamafunika suti yonse ya chigoba chophimba mutu. Zovala za m'kati nazo zili ndi nkhani: jezi ya mpira ya poliyesitala imasungunukira pakhungu, choncho m'kati muyenera kukhala thonje. Ovolosi wamba ya thonje, ngakhale yokhuthala, si yoyesedwa, ndipo ikagwira moto imapitiriza kuyaka aki itazima kale. Ku South Africa, kumene zovala zambiri zoterezi zimagulidwa, muyezo wake ndi SANS 724, ndipo mlingo umasokedwa pa chovalacho.

Chomata si chilolezo chogwira ntchito pa magetsi amoyo. Njira yoyamba ndi kuzimitsa, kukhoma loko, ndi kuyeza. Koma kuyezako nakonso kumachitika bolodi isanatsimikizidwe kuti yafa, ndiye mmisiri amavala zonse zimene chomata chanena mpaka mita itasonyeza ziro pa mbali zonse zitatu. Masamu onsewa amaganizanso kuti buleka idzagwa pa nthawi imene wopanga analonjeza. Buleka imene yakhala zaka khumi osagwedezeka, girisi yake itauma ndi fumbi la ufa, ikhoza kuchedwa kapena kukana, ndiye kuiyesa ndi makina othira maampu ndi mbali ya ntchito yomweyi.

NFPA 70E imati kafukufuku aziunikidwanso pasanathe zaka zisanu, ndiponso nthawi iliyonse pakasintha chinthu chachikulu. Pa fakitale yathu yoyerekeza, zosinthazo n'zodziwika: thiransifoma yapsa ndipo yabwera ina ya impidansi yosiyana, agula jenereta yachiwiri, aika mapanelo a dzuwa padenga, fyuzi ya pa 11,000 yasinthidwa ndi ina yaikulu chifukwa ndiyo inalipo m'sitolo. Ena amamata kapepala ka manambala a `Isd` ndi `tsd` pambali pa buleka, n'kutseka kagalasi ka timabatani ndi kawaya ka chidindo. Woyang'anira akamazungulira Lolemba m'mawa amangowunikira tochi pa kawayako, ndipo akakapeza koduka amafanizira timabatani ndi kapepala aliyense asanatsegule chitseko cha bolodi.